Dzina lalakwika pa satifiketi: kukonza leya ya tekisti kapena kumata pamwamba?

Tinene kuti pa satifiketi palembedwa "Chikodi" mmalo mwa "Chikondi" ndiye mawa ndi tsiku lopulinta. Njira zilipo ziwiri, zimatengera fayilo imene muli nayo.

Ngati ndi PSD, fayilo ya Photoshop yokhala ndi maleya ake, mwapulumuka. Mu Photoshop dinani T, dinani pa dzinalo, ikani n wosowayo basi. Fonti, kukula ndi mtundu zonse zimatsala momwemo. Kungoti ngati fontiyo mulibe mu kompyuta yanu pulogalamu imakuchenjezani kuti isintha, musavomere mwachisawawa, dzinalo lituluka losiyana ndi mawu ena onse.

Koma akakutumizirani JPG ndiye pali ntchito, chifukwa zilembo ndi pepala zinaphatikizana kale, palibe choti mudine. Apa mumatsegula leya yatsopano, kufufuta dzina lonse ndi Clone Stamp, chida chokopera mbali ina ya chithunzi, mutaika Sample yake pa Current & Below, potengera mbali yoyera yapafupi, kenako kulemba dzinalo pa leya inanso pamwamba. Ena amangojambula kabokosi koyera kuphimba, pa sikirini kamaoneka bhobho koma kumbuyo kukakhala kotuwirako kapena kuli timizere kamatuluka ngati chigamba pa pepala. Ndipo musayese kulowetsa ka n kokhako pakati, mpata wake sukwana, lembaninso dzina lonse.

Ineyo ndimayamba ndapempha PSD kaye, kumata ndi njira ya pamene zavutitsitsa. Mukamata, kuzani chithunzi kufika 200% muone m'mphepete mwa chigambacho, kenako pulintani kope imodzi pa pepala wamba musanawononge lolimba lija.