Zithunzi zisanu za pakhonde la tchalitchi: njira iti imapeza chabwino koposa?

Aliyense amene amajambula maukwati kuno ku Ntcheu amadziwa kuti mkwati ndi mkwatibwi akaima pakhonde la tchalitchi, chala sichidina kamodzi. Umadina kangapo motsatizana poopa kuti wina aphethira, kenaka madzulo umapeza zithunzi zooneka ngati chimodzi, pamene eni ake akufuna chimodzi chokha choti achikulitse n'kuchipachika pabalaza. Anzathu amasankha m'njira zosiyanasiyana. Ena amangoyang'ana pa kasikirini ka kamera, ena amaona kukula kwa fayilo, ena amaika zithunzi pambalipambali pa laputopu. Njirazi sizifika pa chithunzi chimodzimodzi, ndipo ndikufuna tiziyese zonse pa chitsanzo chimodzi.

Tiyerekeze kuti kamera ndi ya mamegapikiselo 24, yotulutsa chithunzi cha 6000 x 4000, lenzi ili pa 55mm ndi f/5.6, ISO ili pa 200 pazithunzi zonse. Mkwatibwi wavala diresi loyera la malesi, mkwati suti yakuda, kumbuyo kwao kuli khoma la njerwa zosapulasitala. Nkhope zili mumthunzi wa khonde koma dzuwa likugunda mbali ina ya diresi. Chithunzi choyamba ndi chachiwiri zajambulidwa ndi shata ya 1/60, chachitatu ndi chachinayi 1/125, chachisanu 1/250. Poti zina zonse sizinasinthe, ziwiri zoyambazo zalandira kuwala kowirikiza kawiri kuposa zapakatizo, ndipo chachisanu chalandira theka la kuwala kwa zapakatizo.

Amene amasankhira pa kasikirini ka kamera nthawi zambiri atenga choyamba kapena chachiwiri, chifukwa nkhope zikuwala mosangalatsa. Vuto ndi lakuti kasikiriniko ndi ka mainchesi atatu okha, ndipo chithunzi chachikulu chikachepetsedwa chomwecho, kugwedezeka konse kumabisika. Ngakhale laputopu imabisa. Sikirini ya 1366 x 768 ikamaonetsa chithunzi chonse chija, imachichepetsa pafupifupi kasanu m'litali ndi kasanu m'lifupi, kotero mapikiselo oposa 25 amasanduka kadontho kamodzi. Kusankha motero kuli ngati kugula ndowa ya kachewere pa Lizulu utangoona mbatata zapamwamba. Kuwala kwa kasikiriniko nakonso kumanamiza: padzuwa la masana chithunzi chabwino chimaoneka chakuda, usiku m'nyumba chithunzi chakuda chimaoneka chabwino. Njira imeneyi ndi yothandiza pochotsa zoonekeratu, monga pamene mkwati watsinzina kapena mwana wadutsa kutsogolo. Ntchito yake imathera pomwepo.

Njira ya kukula kwa fayilo ili ndi nzeru yake. JPEG imapanikiza kwambiri malo osalala ndipo imafuna malo ochuluka posunga tinthu ting'onoting'ono, ndiye pa zithunzi ziwiri zofanana m'zonse, chogwedezeka chimakhala ndi fayilo yocheperako. Imachitika msanga, osatsegula chithunzi n'komwe. Koma m'chitsanzo chathu ingatipatse chachinayi, chomwe fokasi inaphonya nkhope n'kukagwera pakhoma. Njerwa zili ndi timizere ndi timaenje tambirimbiri ndipo zatenga gawo lalikulu la chithunzi, choncho zikaoneka shapu fayilo imakula, pamene maso a mkwatibwi ali mbuu. Timadontho tobwera ndi ISO yokwera natonso timakulitsa fayilo popanda kuonjezera ubwino uliwonse. Mapulogalamu opereka malikisi a ushapu pa chithunzi chonse amagwa m'mbuna yomweyi, chifukwa amawerenga m'mphepete mwa zinthu paliponse osadziwa kuti ife tikufuna diso la mkwatibwi, osati njerwa. Kukula kwa fayilo ndimakukhulupirira pokhapokha pamene ISO, kuwala ndi malo a fokasi n'zofanana, monga pojambula phiri la Dedza kamera ili pa tirayipodi.

Njira yachitatu ndiyo ndimaiona yodalirika, ngakhale imadya nthawi: kuika zithunzi pambalipambali, zonse zitakulitsidwa pa 100%, pamalo amodzimodzi. Pa 100%, pikiselo imodzi ya chithunzi imakhala pa pikiselo imodzi ya sikirini, ndiye palibe chobisika. Musapitirire pa 200% kapena 300%, chifukwa pamenepo chithunzi chilichonse chimaoneka chofewa ndipo mudzataya chabwino. Malo oyang'ana ndi diso loyandikira kamera. Onani nsidze ngati zikuoneka imodziimodzi, ndi kakuwala ka m'diso ngati kali kadontho kozungulira.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti imakuuzaninso chimene chinalakwika. Pachithunzi choyamba, kakuwala ka m'diso katalika ngati kamzere, ndipo njerwa, tayi ndi maluwa zonse zakokekera mbali imodzi. Uko ndi kugwedezeka kwa dzanja la wojambula. Pa kamera zambiri zomwe timagwiritsa ntchito, za sensa yaing'onopo ija, lenzi ya 55mm imayandikitsa ngati ya 85mm, ndiye 1/60 ndi yochedwa ndithu ngati lenzi ilibe chothandiza kuletsa kugwedezeka. Pachachinayi palibe chokokeka, njerwa zili bwinobwino koma nkhope ndi zofewa mbali zonse mofanana, kusonyeza kuti fokasi inapita kumbuyo. Pali mtundu wachitatu woti muudziwe: khoma ndi suti zili shapu koma dzanja kapena velo yokha ndiyo yachita mbuu. Apo munthu ndiye anasuntha, kapena mphepo inakupiza velo, ndipo ngati maso ali bwino chithunzi chotere sichiyenera kutayidwa. Tikatero tatsala ndi chachiwiri, chachitatu ndi chachisanu.

Pa mapulogalamu ochitira zimenezi, awiri ndi amene ndingawayerekeze. FastStone Image Viewer ya pa Windows ndi yopepuka, imathamanga ngakhale pa laputopu yakale, imaika zithunzi mpaka zinayi pamodzi, ndipo mukasuntha chimodzi zonse zimatsatira. Ndi yaulere pa ntchito za panyumba, koma wojambula wolipidwa amayenera kugula layisensi. Lightroom Classic imafuna makina amphamvu ndi ndalama zolipira mopitiriza. Mukadina `N` imaonetsa gulu lonse la zithunzi zomwe mwasankha, mukadina `C` imaika ziwiri zokha, chosankhidwa ndi chopikisana nacho. Poyamba kuona ziwiri zokha kumaoneka ngati kuchepa, koma pa sikirini yaing'ono n'kwabwinopo, poti zenera lililonse limakhala lalikulu mokwana diso ndi tsaya. Mumasunga chopambana, n'kubweretsa chotsatira, mpaka zitatha. Ngati ntchito ndi yongosankha ma JPEG, FastStone ikukwanira. Lightroom imapambana pamene mukufuna kuyesa ngati mdima wa chithunzi ungadzutsidwe musanagamule.

Tsopano za kuwala, pomwe maso athu amalakwitsa kwambiri. Pali zida ziwiri, histogaramu ndi chenjezo la malo opsa, kutanthauza malo amene awala mopitirira mpaka kungoyera mbee. Histogaramu imaonetsa kuchuluka kwa mapikiselo kuyambira 0, wakuda bii, kumanzere, mpaka 255, woyera mbee, kumanja. Anthu ena amaphunzitsidwa kuti phiri la histogaramu lizikhala pakati, koma pachithunzi cha suti yakuda ndi diresi loyera mapiri amakhala awiri, lina kumanzere lina kumanja, ndipo palibe cholakwika. Choyang'ana ndi ngati lakumanjalo lakanikizika kukhoma n'kuima ngati mzati. Pachithunzi chachiwiri zili choncho. Histogaramu siikuuzani kuti papsa ndi pati, ndipo apa ndi pomwe chenjezo limaiposa. Pa Canon limatchedwa `Highlight alert`, pa Nikon `Highlights`, ndipo malo opsa amaphethiraphethira. Mu Lightroom, mukakhala mu `Develop` n'kudina `J`, malo opsa amasanduka ofiira ndipo akuda kotheratu amasanduka abuluu. Pachachiwiri, phewa ndi chifuwa chonse cha diresi zafiira. Pachachitatu, kofiira ndi kakuwala ka pandolo ndi kachidutswa ka mtambo pakona, zomwe palibe angazidandaule. Pachachisanu palibe chofiira, koma nkhope ya mkwati yalowa mdima ndipo kolala ya suti yabuluwa.

Chachiwiri chimapweteka kuchitaya chifukwa nkhope zake ndi zokongola kuposa zonse. Koma pikiselo ya JPEG ikafika pa 255 m'mitundu yonse itatu, yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, mulibenso chotsala. Mukachepetsa kuwala, malesi aja sabwerera, pamangokhala chigamba chotuwa. Mkwatibwi amene anasankha diresi lake mosamala adzaona zimenezo tsiku loyamba chithunzi chikadzapachikidwa.

Mpikisano weniweni uli pakati pa chachitatu ndi chachisanu, ndipo apa ojambula amasiyana maganizo. Ena amati tengani chakudacho nthawi zonse, mdima umadzutsika. N'zoona kuti umadzutsika, koma pali mtengo wake. Mbali zakuda za chithunzi ndi zimene zimalandira kuwala kochepa, ndiye mukazikweza timadontho timatulukira ndipo mtundu wa khungu umatuwa kapena kupendekera kofiirira kosakhala kwake. Kwa ife a khungu lakuda nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa nkhope ya munthu woima mumthunzi imakhala kale chakumanzere kwa histogaramu. Ngati munajambula JPEG yokha, tengani chachitatu, bola nsidze zake zikuoneka bwino pa 100%. Ngati muli ndi RAW, fayilo yosunga zonse zomwe sensa ya kamera inagwira, kuwala kwa chachisanu kungathe kuwirikizidwa kawiri pa ISO 200 popanda vuto lalikulu, ndipo chithunzicho chingapambane ngati 1/250 yachipangitsa kukhala shapu moonekeratu kuposa chinzake. Chikwezeni kaye mpaka nkhope zifanane kuwala, kenaka muziyerekezenso pa 100%, chifukwa kuyerekeza chowala ndi chakuda kumakondera chowalacho. Dziwaninso kuti histogaramu ndi chenjezo za pakamera zimachokera pa ka JPEG komwe kamera imapanga, ngakhale mukujambula RAW, choncho malo amene angopsa pang'ono nthawi zina amabwerera pa kompyuta.

Anzathu ojambula ndi foni angatsatire ndondomeko yomweyi. Kulitsani ndi zala pa diso lomwelo pachithunzi chilichonse, onani shata ndi ISO pa `Details`, ndipo muyang'ane ngati nsalu yoyera ikuonekabe ulusi wake. Chofunika ndi kusankhira pa mafayilo enieni. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimachepetsedwa n'kupanikizidwa, ndipo manambala a shata ndi ISO amachotsedwa, kotero chachitatu ndi chachinayi zingaoneke zofanana. Ngati eni ukwati akufuna kusankha nawo, yambani mwachotsa zogwedezeka ndi zopsa, kenaka muwatumizire ziwiri zotsalazo ngati `Document` kuti zifike zathunthu.