Mtengo wa munthu mmodzi: ophika a K90 ndi ophika a K125

Abale akhala akundifunsa za ophika awiri a muno mu Chipata amene banja lathu lawagwiritsapo ntchito, wina poika mwala pamanda a agogo ku Katete, wina pachinkhoswe cha mphwanga. Onse tinawalembera kalata yofanana:

"Amayi, tili ndi mwambo wa banja wa anthu 80. Chonde tiuzeni mtengo wa munthu mmodzi, ndiwo zimene zilimo, ndiponso ngati mbale, operekera chakudya, nkhuni ndi galimoto zili mumtengowo. Ana mumawawerenga bwanji? Nanga anthu akachuluka, wolamula kuwonjezera chakudya ndani?"

Oyamba anayankha mzere umodzi: K90, nsima, mpunga, nkhuku ndi ndiwo zamasamba. Achiwiri anati K125, nayankha funso lililonse, mpaka kutchula kuti mpunga ndi wa ku Chama, masamba ndi otendera, thobwa lilimo.

Pa kakomedwe sindingawasiyanitse, onse dzanja ali nalo. Galimoto oyamba aja anailipiritsa padera, K800, koma imeneyo ndingaikhululuke.

Chimene chikundiwawabe ndi kawerengedwe kawo. Funso la ana ndi la anthu owonjezera analidumpha. Aliyense amadziwa kuti kumudzi simungabweze munthu amene wabwera kudzakhala nanu pamanda: anansi amabwera, a mpingo amabwera, ana amatsatira amayi awo. Amayiwo sanawerenge anthu, anawerenga mbale. Mtsikana wawo anaima pambali pa miphika n'kumalemba kamzere m'kope mbale iliyonse ikatuluka. Mwana wolandira kanthuli kamodzi, kamzere. Amalume atabwerera kukawonjezera nsima pa mbale ina, kamzerenso. Madzulo, alendo asanabalalike n'komwe, anatiwonetsa kopelo: mbale 112. Mbale 32 zowonjezerazo zinali K2,880. Kuphatikiza K7,200 ya anthu 80 ndi galimoto ija, zonse zinafika K10,880, ndipo nkhuku zotsala anazitsekera m'ndowa n'kubwerera nazo ku Chipata. Tinachita kusonkherana pomwepo, apongozi akuona.

Achiwiri analemberatu kuti amaphika chakudya cha anthu 80 pa K10,000, ana awiri aang'ono amawawerenga ngati munthu mmodzi, ndipo zotsala ndi za banja. Anapemphanso dzina la munthu mmodzi wa m'banja amene yekhayo angalamule kuti aphike china. Anthu atachuluka anapita kwa azakhali, ndipo azakhaliwo anasankha kuti nthuli zichepetsedwe kuti zikwanire onse. Palibe ngwee imene inawonjezeka.

Nawonso ali ndi pawo povuta: amafuna theka la ndalama pasadakhale, ndipo mukasintha tsiku sabweza.

Ine ndimatumiza abale kwa achiwiriwa. Amene akopeka ndi K90, awalemberenso amayiwo mpaka ayankhe polemba ngati amawerenga mitu kapena mbale, ndiponso kuti zotsala mumphika ndi za yani.