Akaunti yanga ya magemu inatsekedwa masiku 19 chifukwa cha fomu ya ku banki: ndikupereka nyenyezi 3 pa 5

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito sitolo ya pa intaneti ya kampani imene inapanga makina anga a gemu kwa zaka zinayi tsopano. Ndimakhala ku Area 25, ndipo chifukwa madisiki atsopano amasowa kawirikawiri m'mashopu a m'tauni muno, magemu ambiri ndinkagula pa sitolo yomweyo n'kuchita dawunilodi usiku ndi bandulo. Pofika tsiku limene akaunti inatsekedwa ndinali ndi magemu 14 ogula choncho, ndi atatu okha a pa disiki. Ndemanga iyi ndi ya momwe kampaniyo inandithandizira zinthu zitavuta, chifukwa kugula kokha sikunandivutepo.

Nkhani inayamba Loweruka lina ndili ku maliro ku Mitundu. Foni inalira katatu motsatizana, mauthenga a ku banki akuti khadi langa lalipira marandi 349, kenako 349, kenakonso 349. Akaunti yanga ndinailembetsa ngati ya ku South Africa, poti Malawi palibe pa mndandanda wa mayiko a sitoloyo, n'chifukwa chake zonse zimawerengedwa m'marandi. Ine sindinagule kanthu tsiku limenelo, ndiye mtima unangoti akuba alowa. Lolemba m'mawa ndinali kale pamzere ku banki ku Old Town. Mayi amene anandithandiza anandifunsa kuti, "Bambo, mukutsimikiza kuti palibe wa kunyumba amene wagwiritsa ntchito khadili?" Ndinayankha kuti palibe, popeza khadilo linali m'thumba mwanga nthawi yonseyo. Ndinasaina fomu yokana malipirowo, khadi analitseka, ndipo patatha masabata asanu ndalama zinabwerera.

Patangopita masiku awiri ndalamazo zitabwerera, ndinayatsa makina madzulo ndipo anakana kundilowetsa. Mu imelo munali uthenga waufupi wa Chingerezi woti akaunti yaimitsidwa, ndipo mawu amene anandisokoneza anali akuti "chargeback". Tanthauzo lake ndi lomwe ndinachita ku banki lija: mwini khadi akakana malipiro, banki imakatenga ndalamazo kwa wogulitsa mokakamiza. Kwa ine kunali kudziteteza kwa akuba. Kwa kampaniyo zinaoneka kuti munthu walandira katundu, wamugwiritsa ntchito, kenako walanda ndalama zake, ndipo akaunti yatsala ndi ngongole ya marandi 1,047. Makompyuta awo safunsa chifukwa, amangotseka.

Usiku womwewo mwana wa achemwali anga, amene amakhala nane pomwe akuphunzira sekondale, anabwera pakhomo la chipinda changa manja ali kumbuyo. "Amalume, ndine ndinagula makoini a gemu ya mpira tsiku lija. Ndinadina koyamba sizinaoneke, ndiye ndinadinanso." Manambala a khadi anali osungidwa mu akaunti, ndipo sitolo sinkafunsa pasiwedi pogula chifukwa ndinali ndisanatchere zimenezo. Malisiti onse atatu anali mu imelo yanga kuyambira Loweruka lija, koma mu bokosi la mauthenga otsatsa malonda limene sinditsegula. Ndikanayang'ana mmenemo, kapena mbiri ya zogula mu akauntiyo, ndikanaona kuti katunduyo anagulidwa pa makina a m'nyumba mwanga momwe, ndipo ku banki sindikanapitako.

Funso limene linandisowetsa tulo linali la magemu 14 aja. Izi ndi zomwe ndinaona ndi maso anga m'masiku 19 amenewo. Atatu a pa disiki ankaseweredwa bwinobwino, ngakhale pa dzina la munthu wina pa makina omwewo. Pa ogula pa intaneti, asanu ndi imodzi anali m'makina, ndipo ankatseguka chifukwa makinawo ndinawalembetsa kalekale kuti ndiwo akuluakulu a akaunti yanga, koma mbali iliyonse yosewera ndi anthu ena pa intaneti inali yakufa. Asanu ndi atatu otsalawo ndinali nditawafufuta kuti ndipeze malo, ndikudalira kuti ndidzawachitanso dawunilodi ndikawafuna. Amenewo ndinalibe njira iliyonse yowafikira, chifukwa laibulale imatseguka pokhapokha utalowa mu akaunti. Magemu obwera ndi umembala wolipira pachaka anaoneka ndi kaloko pakona. Ndalama zochepa zimene zinatsala mu akaunti nazonso sindikanatha kuzigwira.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene ndinakhala ndikulipira zaka zonsezi. Ukadina batani logulira, chimene walandira ndi laisensi, chilolezo chosewera gemuyo, ndipo chilolezocho chimamangidwa ku akaunti. Akaunti ikatsekedwa mpaka kalekale, zilolezo zimapita nayo, ndipo malamulo amene tonse timavomereza osawerenga aja amanena kuti ndalama sizibwezedwa. Nkhaniyi si ya kampani imodzi. Ku California anachita kukhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2025, lokakamiza masitolo otere kuuza wogula momveka kuti akulipira laisensi, ndipo Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, inayamba kulemba chenjezo lotere pamalo olipirira mu 2024. Ine ndikuona kuti mawu amenewo ayenera kulembedwa ndi zilembo zazikulu paliponse, chifukwa munthu amene wasunga ndalama miyezi iwiri kuti agule gemu imodzi amakhulupirira kuti ndi yake ngati wailesi ya pabalaza.

Apilo yanga yoyamba sinaphule kanthu, ndipo pamenepa kulakwa kunali kwanga ndi kwawo komwe. Ndinalemba ndili wokwiya, ndime zinayi zofotokoza za maliro, za banki, za zaka zimene ndakhala kasitomala wawo. Patatha masiku asanu ndi limodzi kunabwera yankho looneka kuti amatumizira aliyense, lobwereza kuti akaunti yaimitsidwa chifukwa cha malipiro obwezedwa. Silinanene kuti ngongoleyo ndi zingati, kapena kuti ndichite chiyani. Nambala ya foni yoti munthu wa ku Malawi aimbe panalibe, ndipo kuimba ku South Africa n'kumadikira pamzere kunandidyera mayunitsi osalankhula ndi munthu.

Yachiwiri ndinailemba mwachidule, kuchokera pa imelo yomwe ndinalembetsera akaunti, chifukwa ukalemba kuchokera pa ina amayamba kukayikira ngati ndiwe mwini wake. Ndinaikamo dzina la akaunti, nambala ya nkhani imene anandipatsa pa apilo yoyamba, manambala a malisiti atatu aja ndi tsiku lake, manambala anayi omaliza a khadi, ndi nambala ya makina yolembedwa pakapepala ka kunsi kwake. Kenako ndinanena zoona m'ziganizo zitatu: mwana wa m'nyumba mwanga anagula ine osadziwa, ndinakana malipirowo ku banki poganiza kuti ndaberedwa, ndipo ndikufuna kubweza ngongole yonse. Pomaliza ndinafunsa funso limodzi lokha, loti ndilipire zingati ndipo motani. Sindinaname kuti akaunti inabedwa, ngakhale mnzanga wina anandilangiza choncho. Iwo amaona makina amene anagulira ndi netiweki imene anagwiritsa ntchito, ndiye bodza lotere likanangotseka khomo lomwe linali lotseguka.

Yankho linabwera patatha masiku anayi, ndipo ulendo uno linali la munthu amene anawerengadi. Anati khadi salandiranso pa ngongole imeneyi, ndigule mavocha a sitolo yawo okwana ndalamazo, ndiwatumizire manambala ake osawalowetsa paliponse. Apa panali ntchito ina. Vocha iyenera kukhala ya dziko la akauntiyo. Ya madola a ku America sigwira pa akaunti ya marandi, ndipo ukagula yolakwika ndalama zapita. Khadi langa latsopano linkakana kulipira kunja chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja komwe tonse tikukudziwa. Anyamata ena ogulitsa mavocha pa mtengo wotsika anandipeza msanga, koma ndinawakana, chifukwa vocha yotchipa mosadziwika bwino nthawi zambiri imakhala yogulidwa ndi khadi lobedwa, ndipo mwini khadi akadandaula, akaunti imene inalandira vochayo ndi yomwe imatsekedwa. Ndinapempha msuweni wanga wa ku Joni kuti agule m'shopu yeniyeni, anditumizire chithunzi cha vocha ndi lisiti lake, ine n'kupereka makwacha kwa amayi ake ku Kawale. Mavochawo anali a marandi 1,100, ndipo zotsalazo anaziika mu akaunti. Patatha masiku ena asanu ndinalowa, magemu onse 14 ali momwemo, pamodzi ndi pomwe ndinalekezera m'gemu iliyonse.

Ndinali ndi mwayi woti mlandu wanga unali wa ndalama, chifukwa ngongole imabwezeka. Zifukwa zina zotsekera akaunti ndi zolimba kuposa pamenepa, ndipo kampani iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Pa Steam, ukagwidwa ndi VAC, pulogalamu yawo yogwira achinyengo, ukugwiritsa ntchito mapulogalamu obera pa gemu, chiletsocho n'chosatha ndipo ogwira ntchito yothandiza makasitomala sachichotsa ngakhale utachonderera. Gemu imakhalabe mu laibulale, koma sulowanso m'maseva otetezedwa a gemuyo. Xbox kuyambira mu Ogasiti 2023 imawerenga zolakwa monga kutukwana ndi kuzunza anzako: chilichonse chimakhala pa mbiri yako miyezi isanu ndi umodzi, ndipo zikakwana zisanu ndi zitatu umaletsedwa kucheza ndi kusewera ndi ena kwa chaka chathunthu, koma magemu ogula umasewerabe pawekha. Ndikuganiza kuti njira imeneyo ndi yachilungamo, chifukwa chilango chimagwa pamene munthu walakwira. Kwathu kuno palinso chizolowezi chogula akaunti yodzaza kale magemu kwa munthu wina. Malamulo amaletsa zimenezo, ndipo ikatsekedwa sungachite apilo, popeza imelo yoyamba ndi malisiti zili kwa amene anakugulitsa.

Nyenyezi zitatuzo ndapereka chifukwa anandibwezera zonse, ndipo munthu wachiwiri uja anandilankhula mwaulemu ndi momveka. Ziwiri ndachotsa chifukwa anatseka popanda chenjezo. Pakati pa tsiku limene ndinasaina fomu ndi tsiku limene ndalama zinabwerera panali masabata asanu, ndipo uthenga umodzi wondiuza kuti malipiro akanidwa ndipo akaunti ili pangozi ukanandithamangitsira ku banki kukachotsa dandaulolo. Ndinafunsanso ngati angandiwonjezere masiku 19 a umembala amene ndinalipira koma osagwiritsa ntchito, ndipo anakana.

Tsiku lomwe akaunti inatseguka ndinachotsa khadi, ndinatchera kuti sitolo izifunsa pasiwedi pa kugula kulikonse, ndipo mnyamata uja ndinamutsegulira akaunti yakeyake ya mwana yokhala pansi pa yanga, malire a ndalama ali pa ziro. Magemu asanu ndi atatu aja ndikuwabwezeretsa imodziimodzi pa hadidiraivi yakunja imene ndinagula ku Area 3, ndipo pakali pano ndafika pa yachisanu.