Normalize kapena Loudness Normalization, mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, musankhe iti?

Ndajambula mavidiyo anayi okamba za ulimi, atatu kunyumba ku Chinamwali, imodzi ku msika wa Zomba. Onse ndinawapanga Normalize pa -1 dB, koma poonera ya kumsikayo mawu ali pansi zedi, munthu akweze voliyumu kenako yotsatira imuphulitse makutu.

Vuto lake, Normalize imangoyang'ana phokoso lalikulu kwambiri mufayilo. Kumsika kuja minibasi inaliza hutala kamodzi, ndiye hutalayo ndi amene anafika pa -1 dB, mawu anga anatsalira pansi pomwepo.

Loudness Normalization imayeza kukwera kwa mawu momwe khutu limamvera, vidiyo yonse, mu LUFS. Ya kumsika inali -23, zinazo -15, kusiyana kumeneko ndi kwakukulu ndithu. Pano onse ndimawaika pa -14 LUFS poti YouTube imatsitsa zopitirira pamenepo koma zotsika siikweza ayi.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi, mukakweza ndi 9 dB hutala uja amaphwanyika mawu, ndiye pitsaninso Limiter, yomwe imatchinga mawu kuti asapitirire malire, pa -1 dB musanatulutse fayilo. Pa mavidiyo otsatizana ine Normalize ndinaisiya.