Laputopu ya kaunjika ija, patapita miyezi: za kusaka mafayilo

Nditangogula laputopu ya kaunjika m'tauni muno mu Joni, ndinalemba kuti zonse zili bwino kupatula kusaka mafayilo, komwe kunali kochedwa mpaka kukwiyitsa. Dzinja lonse ladutsa ndikuigwiritsa ntchito, ndipo lero ndikalemba dzina la kasitomala, risiti yake imabwera ndisanamalize kulemba. Sindinawonjezere chipangizo chilichonse m'kati mwake. Chomwe chinasintha ndi kaundula wa mafayilo, amene akadaulo amati indekisi.

Ntchito yanga ndi ya mapepala a anthu otumiza katundu kumudzi. Ndimasunga mndandanda wa katundu wa galimoto iliyonse yodzera ku Beitbridge mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza, marisiti, ndi zithunzi za makatoni. Mafayilo a zaka zingapo ndinawakopera onse tsiku limodzi kuchoka pa kompyuta yakale, ndipo kuchedwa kuja kunayambira pamenepo.

Windows ili ndi njira ziwiri zopezera fayilo. Yoyamba ndi yoyenda foda ndi foda, kuwerenga dzina lililonse, ngati munthu wofuna katoni imodzi m'shedi mopanda buku lolembamo katundu. Ndi nthawi imeneyi pamene mumaona kamzere kakukwawa pamwamba pa windo. Yachiwiri ndi yoyang'ana mu kaundula. Pulogalamu yotchedwa `SearchIndexer.exe` imatsegula mafayilo chamseri, n'kulemba dzina, tsiku, mtundu, komanso mawu a m'kati mwa zikalata. Kaundulayo ndi wotembenuza: m'malo molemba kuti fayilo yakuti ili ndi mawu awa, amalemba kuti liwu lakuti lili m'mafayilo awa. Mukasaka “firiji”, kompyuta sitsegulanso chikalata ngakhale chimodzi, imangopita pa liwulo n'kutenga mndandanda wokonzeka kale. Pa Windows 11 kaundulayu ndi fayilo ya `Windows.db` (pa Windows 10 ndi `Windows.edb`), ndipo Microsoft imati kawirikawiri kukula kwake sikufika 10 peresenti ya mafayilo amene awerengedwa.

Kulemba kaundula koyamba ndiye kolemetsa, ndipo pulogalamuyi inapangidwa kuti izipatsa mpata mwini kompyuta. Mukagwira mbewa kapena kiyibodi, imachepetsa liwiro. Mukatsegula `Indexing Options`, windo loonetsa mmene kaundula akuyendera, mupeza yalemba yokha kuti `Indexing speed is reduced due to user activity`. Batire ikatsika n'kulowa m'dongosolo losunga moto imaima, ndipo laputopu ikagona, zonse zagona. Tsono ganizirani tsiku langa: m'mawa mpaka madzulo ndili pa kiyibodi, nthawi zina magetsi kulibe ndiye ndili pa batire, ndikaweruka ndimatseka chivundikiro n'kuiponya m'chikwama kuthamangira takisi. Kaundula ankapeza kuti mpata? Masabata anadutsa nambala ya mafayilo owerengedwa ikungosuntha pang'onopang'ono.

Mankhwala ake anali usiku umodzi. Ndinailumikiza ku chaja, posankha nthawi yoti laputopu izigona ndinasankha `Never`, n'kuisiya yotsegula. Kutacha uthenga unali `Indexing complete`. Disiki ya laputopuyi ndi SSD, yothamanga ija yopanda chozungulira m'kati. Pa disiki yakale yozungulira ija, yembekezerani nthawi yotalikirapo. Kuchokera pamenepo ntchito yolemera sinabwererenso, chifukwa disiki ya NTFS, dongosolo limene Windows imasungira mafayilo, imasunga mbiri ya fayilo iliyonse yomwe yapangidwa, yasinthidwa kapena yafufutidwa, ndipo kaundula amangotsatira mbiriyo. Risiti yomwe ndasunga tsopano imapezeka pakangopita kamphindi.

Komabe foda imodzi inakhalabe yochedwa ngakhale uthenga unkati zatha, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Windows ikamabwera, kusaka kwake kumakhala pa `Classic`, kutanthauza kuti imawerenga malo ochepa okha monga `Documents`, `Pictures`, `Music` ndi `Desktop`. Ena mwa mafayilo anga akale anali pa disiki ya `D:`, kunja kwa malo amenewa. Kumalo osawerengedwa, kusaka kumayang'ana mayina a mafayilo okha, osati za m'kati, n'chifukwa chake dzina la kasitomala lolembedwa m'kati mwa chikalata silinkatuluka. Mukhoza kusankha `Enhanced` kuti iwerenge kompyuta yonse, koma ine sindinakonde zimenezo. Microsoft yomwe imachenjeza kuti zinthu zikapitirira 400,000 kaundula amayamba kulemera, ndiye kuunjikamo zinyalala zonse za m'kompyuta n'kwa chiyani? Ndinadina `Modify` mu `Indexing Options` n'kuchonga foda ya ntchito yokhayo. Fulashi yongobaya n'kuzula, imeneyo muiiwale, kusaka m'menemo kumakhala kwa foda ndi foda nthawi zonse.

Pali zinthu ziwiri zomwe miyezi yonseyi sinathetse, ndipo kudikira sikungazithetse. Choyamba ndi mapepala ojambula. Risiti yomwe dalaivala waijambula pa foni n'kuisandutsa PDF ndi chithunzi chabe, mulibe mawu oti kaundula awerenge. Kuti mudziwe, tsegulani PDF yo muyese kusankha liwu limodzi ndi mbewa. Likakana kusankhika, fayiloyo ipezeka ndi dzina lake lokha. Ine tsopano ndimalemba dzina la kasitomala ndi tsiku pa dzina la fayilo ikangofika.

Chachiwiri chimatikhudza ife olemba m'Chichewa. Kusaka kwa Windows kumafananitsa mawu kuyambira kumayambiriro kwake. Mukalemba “kato” mupeza “katoni”, koma mukalemba “katoni” simupeza “makatoni”, chifukwa mawu athu amasintha kutsogolo. Tsiku lina mayi wina wa ku Rosettenville anabwera kudzafunsa za katundu wake. “Achimwene, si munalemba nokha kuti makatoni a mbale?” Ine ndinali nditasaka “katoni” n'kuwauza kuti sindikuona kanthu. Pa mayina a mafayilo, kanyenyezi kamathandiza:

```
*katoni*
```

Kumeneku kumachedwerako pang'ono, ndipo pa mawu a m'kati mwa chikalata n'kwabwino kungosaka kawiri, “katoni” kenako “makatoni”.

Batani la `Rebuild` lili pansi pa `Advanced` mu `Indexing Options` momwemo, ndipo anyamata okonza makompyuta amalikonda kwambiri. Limafufuta kaundula yense, n'kukubwezerani ku tsiku loyamba. Ndi loyenera pokhapokha kusaka kukamaonetsa mafayilo omwe munafufuta kalekale, kapena kukamaphonya fayilo yomwe mukuiona ndi maso mu foda yochongedwa. Ngati vuto ndi kuchedwa chabe, yambani mwaona ngati nambala ya mafayilo owerengedwa ikukwera.

Pa foni nkhani ndi yomweyi, kungoti foni imaumira kwambiri batire. Ndinasintha foni ya Android m'miyezi yomweyi, ndipo nditalowetsa memori khadi yakale, zithunzi zinkatulukira mu galare pang'onopang'ono pamene foni inkazilemba mu kaundula wake, wotchedwa `MediaStore`. Ntchito yolemera, monga kuzindikira nkhope ndi zinthu za m'zithunzi, kawirikawiri imadikira kuti foni ikhale pa chaja osagwiritsidwa ntchito. Pa iPhone, foni ikangolandira iOS yatsopano, pulogalamu yoyendetsa foni yonse, imatha kutentha ndi kudya batire kwa masiku angapo pa chifukwa chomwechi. Ndipo foda ikakhala ndi kafayilo kobisika ka `.nomedia`, Android saionetsa mu galare ngakhale mudikire chaka. Foda ya `Sent` ya WhatsApp ili nako, ndiye zithunzi za makatoni zomwe ndinatumizira makasitomala ndimazifuna kudzera mu pulogalamu ya mafayilo, osati mu galare.