SSAO ndi mdima wobekedwa pa zinthu zosasuntha: zomwe ndaona patapita miyezi

"Achimwene, paja munkayesa njira ziwiri zodetsera makona mu gemu yanu ija. Pano mwakhazikika pa iti, SSAO kapena kubeka? Laputopu yanga ndi yofooka, sindikufuna kutaya nthawi."

Ndikugwiritsa ntchito zonse ziwiri, achimwene, koma iliyonse ndaipatsa ntchito yakeyake, ndipo ntchito yaikulu ndaisiyira kubeka. Gemuyi ndikuipanga mu injini ya Godot 4, pa renda ya Forward+, ndipo malo amene ndakhala ndikuyeserapo ndi nyumba yosungiramo katundu: makoma anjerwa, zipilala, mashelefu omangirira kukhoma, ndi mabokosi ndi migolo imene wosewera amakankha.

Chimene njira zonsezi zikufuna kuyerekeza ndi chimodzi. Kupatula kuwala kolunjika kwa dzuwa kapena babu, pali kuwala kofalikira kumene kumafika pa chinthu kuchokera mbali zonse. Pakati pa bwalo, kuwala kumeneku kumafika konse. Pakona, pansi pa shelefu kapena pamene bokosi lakhudza simenti, mbali zina zatsekeka, choncho kumafika kochepa. Ambiyenti okuluzhoni ndi nambala yapakati pa 0 ndi 1 imene imanena kuti malowo ndi otseguka motani. Kubeka kumawerengeratu nambalayi mu Blender, pulogalamu youmbira zinthu za 3D, potumiza mizere yowongoka yambirimbiri kuchokera pa malo aliwonse a meshi, n'kuisunga mu tekisicha. SSAO, chidule cha Screen Space Ambient Occlusion, imaiwerengera pompopompo pa fulemu iliyonse, pongoyang'ana kutalika kwa pikiselo iliyonse kuchokera pa kamera, n'kuyerekeza ndi mapikiselo oyandikana nayo. Njirayi inatchuka ndi Crysis ya kampani ya Crytek mu 2007. Kunabweranso njira zina zofanana nayo: HBAO ya NVIDIA inabwera mu 2008 ndipo GTAO ya akatswiri a Activision mu 2016, zonse pofuna kuti zotsatira ziyandikire ku zenizeni, koma gwero lawo likadali lomwelo: zokhazo zimene zikuoneka pa sikirini.

Masabata oyamba SSAO inandikoka mtima kwambiri. Mumangochonga bokosi limodzi mu `WorldEnvironment`, makona onse n'kuda, zinthu n'kuoneka kuti zakhaladi pansi. Zofooka zake sizioneka pa chithunzi choima. Zimaoneka mukamayenda m'malo omwewo tsiku ndi tsiku mpaka maso atawazolowera.

Yesani izi nokha. Imani pafupi ndi chipilala chimene chili pambali pa khoma, muyang'ane mdima umene uli pakhomapo. Tembenuzani kamera pang'onopang'ono mpaka chipilalacho chituluke kunja kwa sikirini. Khoma likadalipo, chipilala sichinasunthe, koma mdima uja ukuzimiririka. Kwa SSAO, chinthu chimene sichili pa sikirini kulibe. Mu nyumba yanga vutoli linkaoneka kwambiri m'kanjira kopapatiza ka pakati pa mashelefu, chifukwa kumeneko m'mphepete mwa sikirini mumakhala zinthu nthawi zonse. Wosewera akamagwedeza kamera, m'mbali mumawala ndi kuda mosinthana. Ndikakweza `ssao_radius`, vuto limakula, chifukwa pikiselo iliyonse imafunafuna zotchinga kutali, ndipo zambiri mwa izo zimagwera kunja kwa chithunzi.

Vuto lachiwiri ndi la makulidwe. Injini imadziwa mtunda wofika pa nkhope yakutsogolo ya chinthu, koma siidziwa kuti chinthucho ndi chonenepa bwanji kumbuyo. Paipi yopyapyala imene ili patsogolo pa khoma, yosalikhudza n'komwe, imatha kuzunguliridwa ndi mdima pakhomapo ngati kuti yagundana nalo, ndipo mdimawo umayenda limodzi ndi kamera. Munthu akaima pafupi ndi khoma, amakhalanso ndi mkombero wakuda womutsatira. Mawindo agalasi ndi zinthu zina zoonekera mkati sizilowa m'kuwerengera kumeneku, chifukwa nthawi zambiri sizilemba mtunda wake. Kuti muone zonsezi bwino, pitani pa `Display Advanced` mu edita, musankhe `SSAO`. Mudzaona mdima wokhawokha popanda mitundu, ndipo chilichonse chimene chikugwedezeka pamene meshi yaima ndi cholakwika.

Pa nkhani ya laputopu yanu, kumbukirani kuti mtengo wa SSAO umatsatira kuchuluka kwa mapikiselo, osati kuchuluka kwa zinthu. Pa 1920 × 1080 pali mapikiselo 2,073,600, ndipo iliyonse imafunika kuyang'ana anzake angapo, kenako kusalaza zotsatira. Mukafuna mafulemu 60 pa sekondi, ntchito yonse ya fulemu iyenera kutha mu mamilisekondi 16.7, ndipo SSAO imadya nawo pamenepo nthawi zonse, ngakhale mutayang'ana khoma lopanda kanthu. Mwa ichi `rendering/environment/ssao/half_size` ndimaisiya yoyatsa. Imawerengera pa 960 × 540, mapikiselo 518,400, gawo limodzi mwa magawo anayi. Malipiro ake ndi akuti zinthu zopyapyala zakutali, monga miyendo ya mashelefu, zimanyezimira mukamayenda. Musadalire manambala a makina a munthu wina. Tsegulani `Visual Profiler`, muzimitse ndi kuyatsa SSAO mutaima pa malo amodzi, muone kusiyana pa laputopu yanuyo.

Kubeka kunandichedwetsa poyamba, koma ndiko kwakhala kodalirika. Mdima wobekedwa sugwedezeka, sudalira kumene kamera yaloza, ndipo umadziwa za denga limene lili pamwamba panu ngakhale simukuliona. Ichi n'chimene SSAO singachite: kudetsa pang'onopang'ono mkati mwa nyumba pamene mukutalikira chitseko chachikulu, mdima wa mamita angapo osati wa m'kona mokha. Pothamanga, mtengo wake ndi kuwerenga tekisicha imodzi basi.

Ndimachita motere. Meshi iliyonse yosasuntha imakhala ndi mapu a UV, osonyeza mmene tekisicha imayalidwira pa meshi, achiwiri amene zidutswa zake sizisanjikizana. Mapu oyamba amabwereza njerwa zomwezo pakhoma lonse, choncho sangasunge mdima wa malo amodzi. Mu Blender, pa Cycles, ndimalumikiza nodi ya `Ambient Occlusion` ku `Emission` n'kubeka ndi `Emit`, chifukwa potero ndimasankha ndekha `Distance`. Pa makoma ndi pansi ndimaika mamita atatu, pa mashelefu mita imodzi. Chithunzi chikhale `Non-Color`, popeza ndi manambala osati mitundu. `Margin` ndimaisiya pa mapikiselo 16. Mukaichepetsa kwambiri, mudzaona mizere yakuda m'malire a zidutswa za UV mukaima patali, chifukwa tekisicha ikamachepetsedwa imasakaniza mdima wa malo opanda kanthu. Mu Godot ndimaiika pa `ao_texture` n'kuyatsa `ao_enabled` ndi `ao_on_uv2`.

Werengerani kukula musanabeke. Pansi pa nyumba yanga ndi mamita 40 mbali iliyonse. Tekisicha ya 2048 × 2048 imapereka mapikiselo pafupifupi 51 pa mita, kutanthauza kuti pikiselo imodzi ndi masentimita awiri. Ya tchanelo chimodzi imatenga mamegabaiti 4 isanapanikizidwe. Pa mdima wofewa wa mamita atatu, imeneyi ndi yochuluka, ndipo ndinatsitsa kufika pa 1024 popanda woona kusiyana. Kumene kumavuta ndi mzere wopyapyala wa pamene mwendo wa shelefu wakhudza pansi. Mwendowo ndi masentimita anayi, ndiye pa 1024 ndi pikiselo imodzi yokha, ndipo mdima wake umatuluka ngati kabanga kosaumbika bwino.

Mtolo weniweni wa kubeka unaonekera pamene tinayamba kusintha malo. Mnzanga amene amakonza malo osewerera a gemuyi anasuntha shelefu ina kuti kanjira katakasuke. Pansi panatsala chibanga chakuda, ngati pamene mwachotsa kabati imene yakhala zaka zambiri pamalo amodzi, ndipo pamene shelefuyo inapita inkaoneka ngati ikuyandama. Kusintha kulikonse kwa chinthu chachikulu kumafuna kubekanso pansi ndi makoma oyandikana nacho. Si nthawi ya makina yokha, ndi kukumbukira. Pano tinagwirizana kuti chilichonse chimene malo ake sanatsimikizike chisalowe mu kubeka kwa pansi. Chinanso ndi cha zinthu zobwerezabwereza. Mgolo umodzi ukaikidwa malo makumi atatu, yonse imagawana tekisicha imodzi, choncho ingasunge mdima wa m'mapindo ake okha. Singadziwe kuti wina waunjikidwa pamwamba pa unzake.

Apa ndi pamene SSAO inapeza ntchito yake yoyenera. Ndaichepetsa kuti ingogwira pamene zinthu zakhudzana: pansi pa bokosi lokankhidwa, pakati pa migolo, pansi pa mapazi a wosewera.

```
var env: Environment = $WorldEnvironment.environment
env.ssao_enabled = true
env.ssao_radius = 0.4
env.ssao_intensity = 1.2
env.ssao_light_affect = 0.0
```

Injini imayambira pa `1.0` ndi `2.0` pa `ssao_radius` ndi `ssao_intensity`. Nditatsitsa chonchi, kusinthasintha kwa m'mphepete mwa sikirini kunachepa mpaka sindikuonanso ndikamasewera, ndipo mkombero wa pa mapaipi unatsala pang'ono chabe. `ssao_light_affect` musaikweze. Mdima umenewu ndi wa kuwala kofalikira kokha. Kona imene dzuwa likuwomba mwachindunji siyenera kuda, ndipo mukaidetsa imaoneka ngati yathiridwa mwaye.

Ambiri amaopa kuti akaphatikiza njira ziwirizi, makona adzada kawiri. Zimatengera mmene zaphatikizidwira. Tinene kuti pakona pena kubeka kwapereka 0.6 ndipo SSAO yapereka 0.5. Mukazichulukitsa mumapeza 0.3, mdima woposa umene njira iliyonse inanena, chikhalirecho zonse zikuyeza kona yomweyo. Godot imatenga nambala yocheperapo mwa ziwirizo, ndiye zimakhala 0.5, ndipo ndi zolondola. Koma chitetezo chimenechi chimagwira pokhapokha mdima wobekedwa uli pa `ao_texture` kapena pa tchanelo chofiira cha tekisicha ya ORM, imene imasunga okuluzhoni, kukhakhala ndi uchitsulo pamodzi. Mabokosi ena amene tinagula anabwera mdima utasakanizidwa kale mu mtundu wake. Injini siingausiyanitse, choncho inawonjezera SSAO pamwamba, m'makona mwake n'kukhala bii. Kuzindikira n'kosavuta: sankhani `Display Unshaded`. Ngati makona akadali akuda pamene kulibe kuwala kulikonse kowerengeredwa, mdimawo uli mu mtundu, ndipo muyenera kupeza tekisicha yoyera kapena kuipentanso.

Pa laputopu yanu, yambani ndi kubeka makoma, pansi ndi denga, SSAO itazimitsidwa, ndipo muone ngati malowo akuoneka bwino choncho. Kenako muiike mu menyu ya zosankha kuti amene makina awo ali ndi mphamvu aziyatsa. Ikazimitsidwa, mabokosi okankhidwa ndi amene amayandama, ndiye pansi pa lililonse ikani `Decal`, chithunzi chomatidwa pansi, yakuda yofewa m'mbali, yokulirapo pang'ono kuposa bokosilo, yoyenda nalo limodzi. Ngati gemu yanu ili ndi makoma ogumuka kapena malo amene amapangidwa okha posewera, kubeka pansi sikungakuthandizeni. Pamenepo bekani mdima wa chinthu chilichonse pachokha, zotsalazo muzisiyire SSAO ya `half_size`.