Behance ndi LinkedIn: wojambula woyamba kumene ayambire pati?

Ndimajambula zotsatsa malonda pakompyuta, ndipo masamba awiri a pa intaneti awa, Behance ndi LinkedIn, ndawagwiritsa ntchito kuchokera pomwe ndinamaliza maphunziro. Onse ndi abwino, koma woyamba kumene sangawasamale onse mofanana, choncho ayenera kusankha pothera mphamvu zake.

Musanatsegule akaunti, pezani zolengeza ntchito khumi za oyamba kumene m'gawo lanu, muone zomwe akupempha. Zambiri zomwe ine ndinawerenga zinkafuna linki yoonetsa zomwe ndinajambulapo. Apo mpomwe ndinadziwira kuti poyambira panga ndi pa Behance, tsamba lomwe ojambula amaonetserapo ntchito zawo.

Behance, yomwe ili m'manja mwa Adobe kuyambira 2012, ndinaikonda chifukwa siifunsa kuti munagwirapo kuti. Mumaika ntchito imodziimodzi, ngakhale ya kusukulu kapena yodzipatsa nokha. Mwachitsanzo, ndinadzipatsa ntchito yopanga chizindikiro cha kampani yongopeka yogulitsa sopo. Ndinayamba ndi zomwe ndinakhwatcha ndi pensulo, kenako mitundu itatu yomwe ndinasankha ndi chifukwa chake, pomaliza chizindikirocho chili pa paketi. Wolemba ntchito amafuna kuona mmene mumaganizira, osati chithunzi chomaliza chokha. Ntchito zinayi zolongosoka chonchi zimaposa makumi awiri zongoponya. Koma musatengeke ndi kuchuluka kwa Appreciations, zizindikiro zoti anthu ayamikira ntchito yanu, chifukwa ambiri amene amadina pamenepo ndi ojambula anzanu, si iwo adzakulipireni.

LinkedIn ndi ina. Inayamba mu 2003, Microsoft inaigula mu 2016, ndipo mtima wake uli pa mbiri ya ntchito. Ngati simunalembedwepo, gawo la Experience limaoneka lopanda kanthu, ndipo ambiri amagwa ulesi pomwepo. Musaisiye LinkedIn, chifukwa olemba anthu ntchito amasakira kumeneko. Pa Headline lembani zomwe mumachita, monga wojambula zizindikiro ndi mapaketi, osati kungoti mukufuna ntchito. Linki ya Behance iikeni pa Featured, ndipo yatsani Open to Work. Za Premium zidikire kaye, yaulere ikukwanirani.

Kwa a magawo ena: wolemba mapulogalamu aike mphamvu pa GitHub, poti kumeneko anthu amawerenga kodi yeniyeniyo. ResearchGate ndi ya ofufuza, kawirikawiri imafuna imelo ya yunivesite kapena bungwe lanu, ndipo imayamba kukoma mukakhala ndi pepala losindikizidwa. Wowerengera ndalama kapena wotsatsa katundu alibe chithunzi chopachika, ndiye LinkedIn yokha imukwanira.

Ikatha miyezi itatu, onani amene akukulemberani mauthenga. Ngati onse ndi ofuna ntchito anzanu, fufuzani anthu asanu amene anakutsogolerani ndi zaka ziwiri kapena zitatu m'gawo lanu, muone tsamba lomwe amaikapo zinthu pafupipafupi, musamukire komweko.